Madeya tapatsa nkhuku, mimba yatsala youma

Munthu akadwala malungo amauza mudzi wonse. Akamavutika ndi kuthamanga kwa magazi amafotokoza ngakhale mu minibasi, kwa anthu osawadziwa. Koma akatha masiku anayi osapita kuchimbudzi amangoti, "M'mimbamu simuli bwino," basi nkhani yathera pomwepo. Ena amapita pagolosale kukagula mapiritsi otsegula m'mimba, apepukidwa masiku awiri, kenako vuto lija labwereranso. Manyaziwa ndi amene amachititsa kuti kudzimbidwa kukhale vuto lofala koma losamvetsetseka, pamene kwa anthu ambiri gwero lake lili poyera, m'mbale imene akudyera ndi m'kapu imene sakuigwira.

Choyamba tigwirizane za chimene tikukamba. Kusapita kuchimbudzi tsiku limodzi si matenda. Anthu athanzi amasiyana kwambiri: wina amapita katatu pa tsiku, wina katatu pa sabata, ndipo onsewo ali bwinobwino. Achipatala amati munthu wadzimbidwa akamapita kosakwana katatu pa sabata, kapena akamachita kukankha ndi mphamvu, chimbudzi n'kutuluka cholimba, kapenanso akamadzuka akumva kuti china chatsalira. Pa zonsezi, chimene chimanena zoona kwambiri ndi maonekedwe a chimbudzicho. Mu 1997 madokotala awiri a mumzinda wa Bristol ku England, Stephen Lewis ndi Ken Heaton, anafalitsa ndondomeko yogawa chimbudzi cha munthu m'mitundu 7, kuyambira cholimba kwambiri mpaka chamadzi. Mtundu woyamba ndi timibulu tolimba, tosiyanasiyana, ngati ta mbuzi. Wachiwiri ndi timibulu tomweto titamatirirana. Anaona kuti mitundu iwiriyi imasonyeza chimbudzi chimene chakhalitsa m'matumbo. Choncho munthu akhoza kumapita tsiku lililonse koma ali wodzimbidwa ndithu, ngati chimene akutulutsa ndi timibulu tiwiri titatu atavutika nato kwa nthawi yaitali.

Mawu akuti "chakhalitsa" tiwagwire bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pa nthawi.

Ntchito ya thumbo lalikulu

Chakudya chikachoka m'chifu chimalowa m'matumbo aang'ono, amene kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 6. M'menemo ndi mmene thupi limatengera zofunika kuti zilowe m'magazi. Ulendo wonsewu chakudya chimayenda chili phala lamadzi kwambiri, ndipo madziwo si amene tamwa okha ayi. Malovu, timadzi ta m'chifu, ndulu ndi timadzi ta kapamba zimathiramo malita ena ambiri, kotero kuti pa tsiku m'matumbo mumadutsa madzi okwana malita 8 kapena 9. Ambiri mwa madziwa amabwerera m'magazi asanatuluke m'matumbo aang'ono. Otsala, pafupifupi lita imodzi ndi theka, amalowa m'thumbo lalikulu pamodzi ndi zotsalira za chakudya.

Thumbo lalikulu ndi lalifupi, mita imodzi ndi theka basi, koma ndi mmene zinthu zimachedwa. Ntchito yake yaikulu ndi kubweza madzi m'thupi. Pa lita imodzi ndi theka ija, amene amatuluka ndi chimbudzi sakwana ndi kapu imodzi yomwe. Chimbudzi chofewa bwino chimakhala ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi, ndipo akangochepako pang'ono chimasanduka cholimba. Thumboli silidziwa kuti apa ndayamwa mokwanira. Malinga ngati chimbudzi chili m'menemo, limangopitiriza kuyamwa. Chikatuluka lero chimatuluka chofewa. Chikagona mpaka mkuja, chimakhala chitauma.

Nanga chimachititsa kuti chiyende msanga n'chiyani? Makoma a thumbo ali ndi minofu imene imafinya n'kukankha, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zimaidzutsa ndi kutanuka. M'kati mukadzaza, makoma amatanuka, minofu imamva, imakankha. M'kati mukakhala tochepa, minofu ilibe chogwira, imangogwedeza pang'onopang'ono kudikira kuti zichuluke. Podikirapo madzi akuyamwidwa, tochepa tija tikucheperachepera ndi kulimba, ndipo kukankha kukuvutiravutira. Kuchepa kumabweretsa kuchedwa, kuchedwa kumabweretsa kuuma, kuuma kumawonjezera kuchedwa.

Chimene chimadzaza thumbo lalikulu ndi mbali ya chakudya imene thupi silitha kugaya, imene akatswiri a zakudya amaitchula kuti faiba. Imapezeka m'zomera zokha: khungu la njere ya chimanga, makoko a nyemba, mitsitsi ya m'masamba, mnofu ndi khungu la zipatso. Nyama, nsomba, mazira, mkaka, shuga ndi mafuta ophikira mulibe faiba ngakhale pang'ono. Zimenezi zimagayika pafupifupi zonse n'kulowa m'magazi, kusiya thumbo lalikulu lopanda ntchito.

Faiba ina ndi yokhakhala, yosasungunuka m'madzi, monga ya m'madeya. Imeneyi imadutsa pafupifupi mmene inalowera, kukulitsa chimbudzi ndi kukhudza makoma a thumbo kuti atulutse timadzi toterera. Ina imasungunuka n'kusanduka yonanda, ndipo aliyense amene anaphikapo therere anaiona ndi maso: kuterera kuja ndi faiba imene yagwira madzi, ndipo m'matumbo imawagwirabe chimodzimodzi osalola kuti onse ayamwidwe. Palinso chachitatu chimene ambiri sachidziwa. M'thumbo lalikulu mumakhala mabakiteriya ochuluka zedi amene chakudya chawo ndi faiba. Akadya amaswana, ndipo matupi awo, amene ndi odzaza madzi, ndi gawo lalikulu ndithu la chimbudzi cha munthu. Munthu wodya nyemba amakhala akudyetsanso mabakiteriyawa, n'chifukwa chake mpweya umachuluka, komanso n'chifukwa chake chimbudzi chake chimakhala chambiri ndi chofewa.

Zimene Burkitt anayeza pasikelo

Denis Burkitt anali dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland amene anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala cha Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda. Amadziwika kwambiri ndi khansa ya ana imene inapatsidwa dzina lake, koma atabwerera ku Britain anatembenukira ku nkhani ina. Anali ataona kuti matenda ena a m'matumbo amene anadzaza zipatala za ku Ulaya sankapezekapezeka pakati pa anthu a kumidzi ya mu Africa. Iye ndi anzake anachita chinthu chimene ambiri akanachinyansidwa: anayeza kulemera kwa chimbudzi cha anthu pa tsiku, ndi nthawi imene chakudya chimatenga kuchokera pakamwa mpaka kutuluka. Zotsatira zimene anafalitsa mu 1972 zinali zosiyana kwambiri. Anthu a kumidzi ya mu Africa, odya chakudya chosakonola, nyemba ndi masamba, ankatulutsa magalamu oposa 400 pa tsiku, ndipo chakudya chinkawadutsa pa tsiku limodzi ndi theka. Angerezi odya buledi woyera, shuga ndi nyama ankatulutsa magalamu ongopitirira 100 pang'ono, ndipo ulendowo unkatenga masiku atatu kapena kuposa.

Kusiyanaku sikunali kwa mtundu wa anthu. Ana a ku Africa amene anali m'masukulu ogonera konko, odya zakudya zakwawo zosakaniza ndi zachizungu, anapezeka ali pakatikati. Chimene chinasintha ndi mbale. Ndipo mbale ya m'matauni mwathu lero, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku Chipata, ikunka nifanana ndi ya Angerezi aja kusiyana ndi ya agogo athu.

Taganizani mmene ufa woyera umapangidwira. Chimanga chimakonoledwa, mumtondo kapena kuchigayo, kuti khungu ndi kamtima zichoke. Amayi amapeta, madeya akugwera pambali, mphale ikutsala m'lichero. Mphale ija imaviikidwa m'madzi masiku angapo, imatsukidwa, imayanikidwa, kenako imagayitsidwa. Ufa wake ndi woyera mbee, nsima yake yosalala, yokoma m'kamwa, ndipo palibe angatsutse zimenezo. Koma faiba yambiri ya m'njere ya chimanga ili m'khungu lija. Yapita ndi madeya, ndipo madeyawo tikupatsa nkhuku ndi nkhumba. Magalamu 100 a mgaiwa amakhala ndi faiba pafupifupi magalamu 7. Ufa wokonola umatsala ndi theka la imeneyo kapena kucheperapo. Kale vutoli silinkaoneka kwambiri chifukwa ngakhale nsima inali yoyera, pambali pake pankakhala mbale yodzaza nkhwani wotendera, khobwe kapena chisoso, ndipo pakati pa tsiku anthu ankatafuna mbatata, chimanga chowotcha, masuku ndi masau. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti tachotsa zonse ziwiri nthawi imodzi: nsima yayera, ndiwo zamasamba zasanduka kasupuni kokongoletsera mbale, ndipo mgaiwa ambiri amauona ngati chizindikiro cha umphawi chimene mlendo sayenera kuchiona.

Tsiku limodzi la dalaivala

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya faiba yosachepera magalamu 25 pa tsiku, komanso masamba ndi zipatso zokwana magalamu 400. Kuti tione tanthauzo la nambalazi, titenge chitsanzo cha dalaivala wa minibasi woyenda pakati pa Lilongwe ndi Salima, ndipo titsatire chimene chikulowa m'kamwa mwake.

Amadzuka kusanache. Amamwa tiyi wa shuga wambiri ndi magawo atatu a buledi woyera, mmene muli faiba pafupifupi magalamu 2 kapena 3. Masana padepoti amadya mpunga woyera ndi nkhuku, pambali kakabichi kochepa. Mbale yonse ya mpunga woyera faiba yake ndi galamu imodzi yokha, kabichi uja mwina inanso imodzi, nkhuku palibe. Amatsitsira ndi botolo la chakumwa chotsekemera. Madzulo kunyumba akupeza mitanda iwiri ya nsima yoyera ndi usipa wothira tomato ndi anyezi. Tinene kuti ufa wake ndi magalamu 200, faiba yake magalamu 5 kapena 6, tomato ndi anyezi imodzi. Tikaphatikiza tsiku lonse tikupeza magalamu 10 mpaka 12. Munthuyu wakhuta katatu, sanagone ndi njala, ndipo kwa anzake akudya bwino. Koma thumbo lake lalikulu lalandira zosakwana theka la zimene limafuna.

Tsopano madzi. Dalaivalayu samwa madzi dala, chifukwa sangaimike galimoto yodzaza anthu kuti akataye madzi patchire. Tsiku lonse wamwa tiyi kapu imodzi, botolo lija, ndi kapu ya madzi pa nsima yamadzulo, mwina lita imodzi yonse pamodzi. Pamenepo ali pampando wotentha, mu Okutobala, akutsetserekera kunyanja, malaya atanyowa kumsana. Thukuta lokha likhoza kutenga madzi oposa amene wamwa.

Thupi likaona kuti madzi achepa m'magazi limayamba kusunga. Ubongo umatumiza uthenga ku impso kuti zichepetse mkodzo, ndiye mkodzo umatuluka wochepa, wachikasu chodera, wonunkha. Uthenga wina wosunga mchere ndi madzi umafikanso ku thumbo lalikulu. Kwa thupi, madzi a m'chimbudzi ndi madzi ongotayika, choncho limawalanda. Munthu wodya faiba yambiri ali ndi chotetezera, chifukwa faiba imagwira madzi ena osawataya. Dalaivala wathuyu alibe chotetezera chimenecho. Tochepa tija tikufinyidwa mpaka kuuma gwa.

Pali chinthu chachitatu chimene chimamaliza ntchito. Munthu akadya, makamaka chakudya cham'mawa, chifu chikatanuka chimadzutsa thumbo lalikulu kuti likankhe mwamphamvu, ndipo chimbudzi chikafika kumapeto munthu amamva kufuna kupita. Kwa dalaivalayu uthengawu umafika ali pamzere wodikira anthu, kapena ali kale pamsewu. Amadzigwira. Pakapita mphindi zingapo kufunako kumazilala, ndipo iye amaganiza kuti zatha. Sizinathe. Chimbudzi chija chili pomwepo, chikuumabe, ndipo malo amene chakhalawo atanuka n'kuzolowera. Akachita zimenezi miyezi ndi miyezi, uthenga uja umayamba kumveka mofooka, mpaka pamafunika chimbudzi chochuluka kwambiri kuti amve kanthu. Akapita Lamlungu, atapeza mpata, chimatuluka chachikulu ndi cholimba, mwina n'kung'amba khungu lapakhomo. Kabala kameneko kamapweteka kwambiri ndipo kamasiya magazi ofiira papepala. Chifukwa cha ululuwo mawa lake amaopa kupita, ndipo vuto likukula. Kukankha mwamphamvu kwa nthawi yaitali kumatupitsanso mitsempha ya pamalopo, n'kubweretsa vuto la mudzi.

M'malo mwa dalaivalayu mukhoza kuikapo mayi wogulitsa tomato pamsika, amene chimbudzi chake n'cholipira ndipo alibe womusiyira benchi. Mukhoza kuikapo mtsikana wa sukulu amene zimbudzi zake zilibe zitseko, kapena mlonda, kapena telala wokhala pamakina tsiku lonse. Ambiri mwa anthu amene timawanena kuti samwa madzi sikuti sadziwa ubwino wake. Amawerengera kuti akamwa akataya kuti.

Madzi okha sakwanira

Pano pali chinthu chimene chimanenedwa molakwika kawirikawiri. Munthu akadandaula za kudzimbidwa, aliyense amamuuza kuti, "Imwani madzi ambiri, achimwene." Malangizowa ndi oona kwa munthu amene thupi lake lili ndi ludzu, ngati dalaivala uja. Koma kwa munthu amene akumwa kale mokwanira, kuwonjezera malita ena sikufewetsa chimbudzi. Madzi amene timamwa satsika molunjika kukanyowetsa chimbudzi. Amayamwidwa m'matumbo aang'ono, amalowa m'magazi, ndipo otsala impso zimawataya. Munthu amangokodza pafupipafupi, kuchimbudzi zinthu zili chimodzimodzi. Kuti madzi akhale m'thumbo lalikulu pamafunika chowagwira, ndipo chowagwiracho ndi faiba. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti pa zifukwa ziwirizi chachikulu ndi kuchepa kwa faiba, ndipo kuchepa kwa madzi kumabwera kudzakulitsa.

Mbali inayo ndi yoonanso. Munthu wosamwa madzi akangoyamba mwadzidzidzi kudya madeya ambiri, mimba imatupa, mpweya umachuluka, ndipo chimbudzi chikhoza kukhala chachikulu koma cholimbabe. Makolo amadziwa zimene zimachitikira mwana amene wakhala tsiku lonse mumtengo wa magwafa akudya osapsa ndi nthangala zomwe, osamwa kanthu: nthangala zija zikhoza kuunjikana kumapeto kwa thumbo mpaka kufunika thandizo lachipatala. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Nanga okwanira ndi angati? Kwa munthu wamkulu wosagwira ntchito yathukuta, zakumwa zokwana lita imodzi ndi theka kapena malita awiri pa tsiku zimakwanira, poti madzi ena amabwera ndi chakudya. Koma wolima kapena wopalasa kabaza ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, akhoza kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi, ndipo nambala ija siimukwanira. Mayi woyamwitsa nayenso amafuna ochulukirapo. Muyeso wodalirika ndi mkodzo. Ukakhala wachikasu chowala, madzi akukwana. Ukakhala wodera tsiku lonse ndipo munthu akukodza kawiri kapena katatu kokha, madzi achepa. Tiyi, thobwa, phala ndi msuzi zonse zimawerengedwa. Mowa waukali ngati kachasu umachita zosiyana, chifukwa umachititsa impso kutaya madzi ambiri.

Tibwerere ku mbale ya dalaivala uja tione chimene chingasinthe popanda kugula chilichonse chodula. Mitanda iwiri yomwe ija ikakhala ya mgaiwa, faiba yake ikukwera kufika pa magalamu 14. Masana akasinthanitsa nkhuku ndi kapu yodzaza ya nyemba, nandolo kapena khobwe, wapezapo magalamu 10 kapena kuposa. Gwafa mmodzi wakupsa wogula pawindo akumupatsa ena 3 mpaka 5, theka la peyala ena 5 kapena kuposa. Wadutsa kale 25, tisanawerenge bonongwe kapena chigwada chamadzulo, kapena mbatata yophika m'malo mwa buledi. Pa zonsezi nyemba ndi zimene zimanyamula katundu wolemera, kuposa masamba amene anthu ambiri amathamangira kuwatchula, chifukwa masamba ophika ndi madzi ambiri ndipo pamafunika mbale yeniyeni, osati kasupuni.

Kusinthaku kuchitike pang'onopang'ono, pa masabata awiri kapena atatu, kuti mabakiteriya aja azolowere ndipo mpweya usavute. Amene mgaiwa sakuukonda akhoza kuyamba ndi kusakaniza ndi ufa woyera. Koma mgaiwa uli ndi malamulo ake amene sitiyenera kuwabisa. Suchedwa kuwawa chifukwa cha mafuta a m'kamtima, ndiye ndi bwino kugayitsa wochepa. Chachikulu kwambiri n'chakuti poizoni wa chuku amakhala kwambiri kukhungu la njere, ndipo kukonola kumachotsako gawo lake. Chimanga chopangira mgaiwa chikhale chouma bwino, chosankhidwa, njere zowola ndi zosintha mtundu zitatayidwa. Ngati chimanga chili chokayikitsa, ndi bwino kuchikonola n'kupeza faiba ku nyemba ndi masamba.

Za nthawi yopita kuchimbudzi, dalaivalayu angapindule kwambiri atadzuka mphindi 20 msanga, kudya, kumwa chofunda, n'kudzipatsa mpata asananyamuke, pamene thumbo likukankha lokha. Apa chimbudzi chokumba chili ndi ubwino umene ambiri sauganizira: munthu akanjuta, njira yotulukira imawongoka ndipo sipafunika kukankha kwambiri. Wogwiritsa ntchito chimbudzi chokhalira akhoza kupondera pa kampando kakafupi kuti mawondo akwere kuposa chiuno.

Amene zimawagwira msanga

Pali anthu amene mbale yomweyi imawavutitsa kuposa ena. Mayi woyembekezera matumbo ake amayenda pang'onopang'ono chifukwa cha kusintha kwa m'thupi, mwana akamakula amapanikiza thumbo, ndipo mapiritsi owonjezera magazi amene amalandira kusikelo amalimbitsa chimbudzi ndi kuchidetsa. Mapiritsiwo ndi ofunika kwambiri kwa iye ndi mwana, choncho asawasiye. Awonjezere nyemba, masamba, mapapaya ndi madzi, ndipo zikapitirira awauze anamwino.

Okalamba ludzu salimva msanga ngati achinyamata. Mano akatha amasiya chimanga, mtedza ndi masamba n'kumangodya phala loyera ndi tiyi, kuyenda kwachepa, ndipo ena amapewa kumwa madzulo poopa kutuluka panja usiku. Agogo otere sapempha madzi. Wowasamalira ndi amene ayenera kuwaikira kapu pafupi, kuwaphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndi kuwapotera nyemba kuti zifewe.

Kwa ana vuto limakonda kuyamba pamene akusiya bere n'kuyamba phala loyera, kapena pamene ayamba sukulu. Mwana akamva kupweteka kamodzi amayamba kudzigwira: amaima chowuma, kupanikiza miyendo, kubisala kuseri kwa chitseko. Chimbudzi cholimba chikadzaza kumapeto, chamadzi chochokera kumtunda chimadutsa m'mbali mwake n'kudontha mu kabudula iye osamva. Makolo ambiri amaganiza kuti mwana watsegula m'mimba, ena amamukwapula poganiza kuti ndi ulesi. Zonse ziwiri n'zolakwika ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa mwanayo sakuchitira dala. Kumupatsa mankhwala oletsa kutsegula m'mimba kumangowonjezera vuto. Mwana wotere apite kuchipatala kuti chotsekacho chichotsedwe kaye, chakudya chisinthe pambuyo.

Mankhwala enanso amamanga m'mimba ngakhale munthu akudya bwino: opha ululu amphamvu monga mofini, kodini ndi tramado, ena a matenda a maganizo, ndi ena oziziritsa chifu. Matenda a shuga okhalitsa ndi kufooka kwa chithokomiro nazonso zimachedwetsa matumbo. Ngati mbale ndi kapu zasintha kwa mwezi wathunthu koma palibe kusintha, chifukwa chake chifufuzidwe kwina. Mapiritsi otsegula m'mimba ali ndi malo ake, makamaka poyambitsa zinthu pamene chimbudzi chalimba kale, koma sawonjezera kanthu m'thumbo, ndiye akatha mphamvu munthu amabwerera pamene anali. Kupopera madzi a sopo kapena zitsamba kumbuyo, makamaka kwa ana, kukhoza kuwotcha kapena kuboola thumbo, ndipo kusachitike.

Si kulephera kupita kuchimbudzi kulikonse kumene kuli kwa chakudya. Ngati chimbudzi chikutuluka chosakanikirana ndi magazi kapena chakuda bii munthu asakumwa mapiritsi owonjezera magazi, ngati thupi likutha popanda chifukwa, ngati kudzimbidwa kukusinthana ndi kutsegula m'mimba, kapena ngati munthu wopitirira zaka 45 amene matumbo ake ankayenda bwino wasintha kwa masabata angapo, apite akapimidwe, chifukwa chotupa cha m'thumbo chimayamba motero.

Ndipo pali vuto limodzi limene madokotala a maopaleshoni m'zipatala zathu zazikulu, monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, amakumana nalo kawirikawiri: kupotokola kwa thumbo lalikulu. Mbali yakumapeto ya thumboli imazungulira n'kudzitseka yokha. Limagwira kwambiri amuna, ndipo ambiri ndi a kumudzi odya mgaiwa ndi nyemba bwinobwino, choncho si nkhani ya kuchepa kwa faiba. Mimba imatupa msanga n'kukhala yolimba, imapweteka mopotokola, chimbudzi sichituluka, ndipo ngakhale mpweya sutuluka. Kenako kumabwera kusanza. Chizindikiro chosiyanitsa ndi mpweyawo: munthu wodzimbidwa wamba amatulutsabe mpweya, wotsekeka matumbo satulutsa. Wotereyu asapatsidwe papaya, mankhwala otsegula m'mimba kapena zitsamba, ndipo asadikire kuti kuche kawiri. Thumbo lopotokola limasowa magazi n'kuyamba kufa pa maola ochepa, ndiye anyamulidwe kupita kuchipatala tsiku lomwelo.